Ng'ombe yatupa mimba itadya mgaiwa, thandizeni achimwene ndi achemwali

Mayi a Tadala (Bvumbwe): Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Ine kuno sizili bwino, ng'ombe yanga ya mkaka ija inabereka masabata atatu apitawa yadzuka yosadya, yangoima pakona ya khola mutu uli pansi, mimba yatupa mbali ya kumanzere ndipo ikukukuta mano. Dzulo masana inali bwinobwino inatulutsa malita 11. Alangizi athu foni yawo sikupezeka ndayimba kangapo. Nditani ine?

Che Jafali: Pepani mayi. Yadya chani dzulo? Mwina yameza jumbo, masiku ano majumbo ali ponseponse.

Mayi a Tadala (Bvumbwe): Siituluka m'khola, timaidulira nsenjere. Koma kungoti tinali ndi chimanga chofumbwa matumba awiri nde tinati m'malo motaya tikagayitse mgaiwa tizipatsa ng'ombe kuti mkaka uchuluke. Dzulo madzulo mnyamata waganyu anaipatsa ndowa yodzadza ija ya malita 20, inamaliza yonse mpaka kunyambita. Masiku onse imadya madeya pang'ono basi, mwina makilo awiri patsiku pokama.

Nabanda: Chimangacho munathiramo mankhwala a anankafumbwe? Ngati munathira ndiye ndi poyizoni ameneyo, ipatseni makala osinja ndi mkaka msanga

Mayi a Tadala (Bvumbwe): Ayi sitinathire, nchifukwa chake chinafumbwa

aChisale a Ziweto: Mayi a Tadala, vuto mwalitchula kale nokha, ndi mgaiwawo. Ndowa ya malita 20 ya mgaiwa ndi makilo opitirira 10, ndipo ng'ombe imene inazolowera makilo awiri a madeya siingalandire zimenezo pakamodzi. Tisanapite patali chitani izi pompano. Chotsani mgaiwa ndi madeya onse m'chodyera, musasiye ngakhale kadzanja. Ikani udzu wouma kapena mapesi. Madzi achotseni kaye. Kenako mundiyankhe mafunso awa, ikutha kuyenda osadzandira? Ndowe zake zikuoneka bwanji? Maso alowa mkati? Ndipo potupapo mukamenya ndi chikhatho pakumveka bwanji, pakulira kapena pakumveka madzi kukhuvuka?

Che Jafali: Madzi achotse bwanji achimwene, nyama ikudwala? Ine ndimadziwa kuti ikadya zambiri umaimwetsa madzi ambiri ndi soda paketi yonse kuti zitsike. Soda amapha asidi, izi ndaziona zikugwira.

Mayi a Tadala (Bvumbwe): Ikuyenda koma mwaulesi. Ndowe ndi zamadzimadzi zotuwa, zikununkha chowawasa osati ngati ndowe za masiku onse, muli timathovu. Maso sanalowe kwambiri. Pamwamba potupapo pakulira ngati ng'oma koma m'munsi ndikakankha ndi chibakera pakumveka madzi

aChisale a Ziweto: Chabwino, ikadali chiimire ndiye mwayi ulipo. Pitirizani kusaka alangizi kapena dokotala wa ziweto wina aliyense, tumani munthu pa njinga ngati foni ikukanika, chifukwa ineyo pafoni sindingaike paipi kukhosi kwa ng'ombe yanu. Podikira muziiyendetsa pang'onopang'ono pabwalo, ikaima iime miyendo yakutsogolo ili pamalo okwera kuti mpweya upeze njira yotulukira.

Che Jafali, za soda simunalakwe kwenikweni koma za madzi ndikana. Ndiloleni ndifotokoze zimene zikuchitika m'mimba mwa ng'ombeyi kuti tonse timvetse, chifukwa ambiri timaweta ng'ombe koma timaidyetsa ngati nkhumba.

Ng'ombe ili ndi zifu zinayi. Amene munatsukapo zam'kati mukudziwa, pali chachikulu chija cha tinyama tambirimbiri totuluka mkati, pali cha timabokosi, pali cha masamba ambiri opindana, ndiye pali chomaliza chosalala chimene chimagwira ntchito ngati chifu chathu. Nkhani yathu lero ili pa chachikulucho, madokotala amati rumeni. Pa ng'ombe yaikulu chimalowa malita opitirira 100 ndipo chimadzadza pafupifupi mbali yonse ya kumanzere. Chifu chimenechi pachokha sichigaya kanthu, sichitulutsa madzi ogayira chakudya ayi. Ndi mbiya yofuliramo basi. Amene amagwira ntchito ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi anzawo, tili mmenemo miyandamiyanda. Ng'ombe ikadya udzu tizilomboti timauphwanya nkutulutsa ma asidi ofooka amene amalowa m'magazi kudzera pa tinyama totuluka tija, ndipo mphamvu zambiri za ng'ombe, mwina magawo 7 pa 10, zimachokera ku ma asidi amenewa. Ngakhale mafuta a mumkaka amachokera komweko. Ndiye mukamaika chakudya m'chodyera dziwani kuti oyamba kudya ndi tizilomboto, ng'ombe imadya zimene ito tapanga.

Mphwanga wa ku Dedza: Ndiye ngati asidi alimo kale masiku onse vuto likubwera pati madala?

aChisale a Ziweto: Funso labwino. Asidi alimo masiku onse koma pali chimene chimamuziziritsa, ndi malovu. Ng'ombe ya mkaka imatulutsa malovu opitirira malita 100 patsiku ndipo m'malovumo muli soda weniweni, yemweyu timathira mu therere. Malovu amatuluka ambiri ikamatafuna ndi kubzikula, ndipo ng'ombe ya bwinobwino imabzikula maola 7 kapena 8 patsiku. Chimene chimaipangitsa kubzikula ndi udzu wautali wokanda m'chifu. Pa muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH, umene nambala yake imatsika asidi akamachuluka, chifu cha ng'ombe yodya udzu chimakhala pakati pa 6 ndi 7, ndipo pamenepo tizilombo tophwanya udzu timasangalala.

Tsopano taonani zimene mgaiwa wachita dzulo. Choyamba, mgaiwa sufuna kutafuna, ng'ombe yangomeza, malovu atuluka ochepa, soda walowa wochepa. Chachiwiri, sitachi wa mu ufa amawira msanga kwambiri kuyerekeza ndi udzu umene umatenga tsiku kapena kupitirira. Pali mtundu wina wa bakiteriya, sitireputokokasi, umene masiku onse umakhala wochepa, koma ukapeza sitachi wambiri umaswana mwachangu zedi mkati mwa maola ochepa. Iwowo amatulutsa asidi wina wamphamvu kuposa aja a masiku onse, lakitiki, yemwe amawawasitsa chambiko. Alipo mabakiteriya ena amene ntchito yawo ndi kudya lakitikiyo, koma amenewa amaswana pang'onopang'ono, amafuna masabata awiri kapena atatu kuti achuluke mokwanira. Ng'ombe ya Mayi a Tadala inalibe okwanira chifukwa sinazolowere. Ndiye asidi akungounjikana, pH ikutsika, ikafika pa 5.5 tizilombo ta udzu tasiya ntchito, ikatsika pansi pa 5 tambiri tafa kuphatikizapo aja odya lakitiki, kwatsala okhawo okonda zowawasa amene akungoonjezera asidi.

Che Jafali: Eya nde mwafika pa soda paja. Ndimanena zomwezo ine

aChisale a Ziweto: Ndafika, koma ndiyambe ndi madzi. Zinthu zowawasa zija zikachuluka m'chifu zimakoka madzi kuchokera m'magazi kulowa m'chifumo. Nchifukwa chake Mayi akumva madzi kukhuvuka m'munsi ndipo ndowe ndi zamadzi, pamene thupi lenilenilo likuuma, maso amayamba kulowa. Ng'ombe yotere imamva ludzu loopsa, mukaiikira beseni lodzadza imwa mopitirira muyeso, chifu chomwe chatupa kale chitupiratu, ndipo ufa wotsala uja upeza madzi owirira bwino. Ndaonapo ng'ombe ikugwa itangomaliza kumwa. Ndiye tsiku loyambali, maola 12 mpaka 24, sitimaisiyira madzi kuti izimwa mmene ikufunira. Madzi amene ikufunikadi ndi a mumtsempha, diripi, ndipo ameneyo ndi wa dokotala.

Nurse wa mbuzi (Mchinji): Ine pamenepa ndimasiyana nanu pang'ono bambo Chisale. Kumudzi diripi ya ng'ombe tiipeza kuti? Kunja kukutentha chonchi, nyama ikutsegula m'mimba, kuimana madzi tsiku lonse ndi kuiphanso. Ine ndimapatsa pang'onopang'ono, malita awiri atatu, kudikira ola, kupatsanso

aChisale a Ziweto: Pang'onopang'ono chonchi sindikana, makamaka ngati dokotala achedwa. Chimene ndikukana ndi beseni lodzadza.

Mayi a Tadala (Bvumbwe): Mwana wapita pa njinga kukawatenga alangizi. Koma kutupaku kukuonjezekera, dzenje lija la kumanzere latha lafanana ndi msana. Aneba akuti ndiibaye ndi mpeni mpweya utuluke, akuti anachitapo

Mphwanga wa ku Dedza: Bayani mayi musachedwe, kwathu timatero

aChisale a Ziweto: Dikirani kaye. Ikupuma bwanji? Yatsegula kukamwa, lilime lili panja, yatambasula khosi?

Mayi a Tadala (Bvumbwe): Ayi kukamwa kuli kotseka, ikupuma mofulumirirapo koma osati mobanika

aChisale a Ziweto: Ndiye mpeni usayandikire. Mpeni ndi wa nthawi imene nyama ikufa mukuona, yagwa kapena ikubanika lilime panja, ndipo palibenso wina woti afike. Bala la mpeni limataya zam'chifu m'mimba ndipo ng'ombe zambiri zimapulumuka kutupa nkudzafa ndi mafinya patatha sabata. Panopa tengani mafuta ophikira theka la lita, ikani m'botolo la khosi lalitali, lowetsani chammbali mwa kamwa, mutu musaukweze kwambiri ndipo lilime musaligwire, muzithira pang'onopang'ono izimeza yokha. Ikatsokomola siyani pomwepo, mafuta akalowa m'mapapo ndi chibayo choopsa. Kenako mangirirani kamtengo mopingasa m'kamwa kuti izitafuna, malovu azituluka, ndipo pitirizani kuiyendetsa.

Nabanda: Koma ine sindikumvetsa, asidi ndi kutupa zikugwirizana pati? Ine ndimadziwa kuti kutupa kumabwera ndi msipu wanthete wa mvula yoyamba kapena nyemba zaziwisi

aChisale a Ziweto: Kumeneko kuliponso Nabanda, mwanena zoona, koma chimanga nacho chimatupitsa ndipo njira zake ndi ziwiri. Kuwira kwa m'chifu kuja kumatulutsa mpweya nthawi zonse, malita 30 mpaka 50 pa ola pa ng'ombe yaikulu itangodya. Ng'ombe yabwino simuiona ikutupa chifukwa chifu chimadzifinya kamodzi kapena kawiri pa mphindi iliyonse, mpweya umakwera pamwamba nkutuluka pogeya, mwakachetechete, tsiku lonse. Aliyense akayese pa ng'ombe yake madzulo ano, kanikizani chibakera pa dzenje la kumanzere pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, dikirani mphindi ziwiri, mumva chifu chikukukankhani kawiri kapena katatu. Asidi akachuluka chifu chimafooka nkusiya kudzifinyako, ndiye mpweya ukupangidwa koma wotulutsa palibe. Imeneyo ndi njira yoyamba, mpweya uli pawokha pamwamba, ndipo paipi ikangolowa kum'mero mpaka m'chifu umatuluka wonse mimba nkuphwa mukuona.

Njira yachiwiri ndi yovutirapo. Mabakiteriya aja oswana pa sitachi amatulutsa zinthu zonanda, zikasakanikirana ndi tiziduswa ta ufa wosalala zimapanga thovu lolimba. Mpweya umakodwa m'timathovu ting'onoting'ono, sukwera pamwamba, ndipo ng'ombe siingageye thovu. Pamenepa paipi imangotulutsa thovu pang'ono nkutsekeka, ngakhale kubaya ndi kachitsulo ka dokotala kaja nthawi zina sikuthandiza. Mafuta ophikira ntchito yake ndi kuswa thovulo kuti mpweya ukumane pamodzi. Ngati kulibe thovu mafutawo sathandiza kwenikweni koma saononganso, nchifukwa chake ndati apatse podikira. Chimene chimapha pa kutupa ndi chakuti chifu chimakankha mapapo ndi mitsempha ikuluikulu, nyama imalephera kupuma, ndipo izi zimatha kuchitika mkati mwa ola limodzi kapena awiri, pamene asidi payekha amapha pa tsiku limodzi mpaka atatu.

Che Jafali: Soda uja mwamudumphanso achimwene

aChisale a Ziweto: Sindinamuiwale. Soda akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya nthawi yomweyo. Ndiye ng'ombe imene yatupa kale ndipo siikugeya, mukaithira soda wambiri mwaonjezera mpweya m'chifu chotseka. Mpweya uyambe watuluka, soda abwere pambuyo, ndipo mwa muyeso, pafupifupi galamu imodzi pa kilo iliyonse ya kulemera kwa nyama, wosungunula m'madzi ofunda, bwinonso kumugawa kawiri. Madokotala ambiri amakonda mankhwala a ufa woyera otchedwa maginiziyamu chifukwa satulutsa mpweya chonchi, pafupifupi theka la kilo pa ng'ombe ya makilo 450, kudzera pa paipi. Ndipo dziwani kuti soda sachotsa mgaiwa umene uli m'chifu, ukupitirizabe kuwira, nde asidi amabwereranso pakapita maola.

Che Jafali: Ine yanga inachira ndi soda yekha, sindinaitane munthu

Nurse wa mbuzi (Mchinji): Inadya zochuluka bwanji yanuyo Che Jafali? Chifukwa zimasiyana. Kwathu kunali maliro chaka chatha, nsima yotsala anakataya kuseri kwa nyumba, mbuzi zinayi zinadya usiku. Ziwiri tinazipeza zitafa mmawa, imodzi inachira, ina inachira kutsegula m'mimba koma patatha masiku inayamba kuyang'ana kumwamba, kuzungulirazungulira ngati yakhungu. Anthu ankati yalodzedwa. Dokotala anabaya vitamini B1 kangapo inabwerera. Nsima ndi yoopsa kuposa chimanga chosagaya chifukwa yaphikidwa kale, imawira nthawi yomweyo

aChisale a Ziweto: Zimenezo ndi zoona ndithu, vitamini ameneyo amapangidwa ndi tizilombo ta m'chifu tomwe tija, chifu chikasokonekera amasowa ndipo bongo ndi umene umavutika. Pa mbuzi ndi nkhosa palinso matenda ena a m'matumbo amene amabuka zikadya sitachi wambiri mwadzidzidzi, amapha msanga kwambiri, mwina ziwiri zinafa usikuzo ndi amenewo, ali ndi katemera wake. Ndipo mwakhudza mfundo yofunika, si chimanga chokha. Makaka ndi ufa wa chinangwa, mbatata, buledi wotsala, mango akugwa okha nyengo yake, zonsezi zikadyedwa zambiri pakamodzi ndi nyama yosazolowera mapeto ake ndi amodzi. Chikakhala chosalala kwambiri, chonyowa kapena chophika, ndiye chimafulumiranso.

Braz wa ku Joni: Moni nonse ndangolowa. Ine ndinagwirapo ntchito ku fidiloti, malo onenepetsera ng'ombe, kuno, ng'ombe zimadya chimanga chokhachokha tsiku ndi tsiku mpaka makilo 8 kaya 10 koma sizifa, zimanenepa. Nde mwina ya mayiwa ili ndi matenda ena, chimanga sichipha ng'ombe

aChisale a Ziweto: Achimwene takumbukirani bwino, ng'ombe zikangofika kumene pa lole ankazipatsa chakudya chomwecho cha zonenepa kale?

Braz wa ku Joni: Ayi zatsopano zimayamba ndi cha udzu wambiri, amasintha kangapo mpaka sabata yachitatu ndi pamene zimalowa chenichenicho. Komanso amasakanizamo mankhwala ena mu fidi

aChisale a Ziweto: Ndi yankho lake limenelo. Masabata atatu amenewo akudikira kuti aja odya lakitiki achuluke ndi kuti tinyama ta m'chifu tija titalike tizitha kuyamwa asidi wambiri. Ng'ombe yozolowera ikhoza kuba makilo 15 nkungodwala pang'ono, yosazolowera makilo 10 akhoza kuipha. Ndipo ngakhale m'chakudya chomalizacho udzu samauchotseratu, amasiyamo pang'ono kuti zizibzikula.

Mayi a Tadala (Bvumbwe): Alangizi afika ndi dokotala wina. Alowetsa paipi, kunatuluka mpweya wambiri wonunkha chowawasa kenako thovu loyera. Mimba yaphwa ndithu. Atenga madzi a m'chifu otuwa ngati phala aviika kapepala akuti pH ili pa 5. Mtima akuti ukugunda ka 96 pa mphindi. Athira mankhwala oyera pa paipi, abaya jakisoni ziwiri, akuti mkaka tisagulitse kapena kumwa mpaka masiku amene alemba pa pepala atakwana. Akuti mawa abweranso

aChisale a Ziweto: Mwachita bwino kuwapeza. Ka 96 nkokwera, ya bwinobwino imakhala 60 mpaka 80, koma sikunafike poopsa kwambiri. Ikadutsa 120, nyama itagona, makutu ozizira, ndi pamene dokotala amayamba kukamba zong'amba chifu nkuchotsa zonse ndi manja kapena zoipha. Usiku uno muziidzukira. Ikagona osadzuka musaimwetse kanthu ndi botolo.

Mayi a Tadala (Bvumbwe): Mwaswera bwanji. Lero ndi tsiku lachitatu, ikadali moyo tithokoze Mulungu. Yayamba kutola udzu wouma pang'ono koma siikubzikula, mkaka ndi malita awiri basi. Dokotala akuti tipite kophera ng'ombe mmawa tikatenge zam'chifu za ng'ombe yongophedwa kumene tidzaimwetse. Bambo a kuno akukana akuti ndi zonyansa, nanga si ndowe zimenezo?

Nabanda: Iii inenso sindingayerekeze, simungatengereko matenda?

aChisale a Ziweto: Auzeni bambo kuti si ndowe, ndowe ndi za kumapeto kwa matumbo. Zam'chifu ndi tizilombo tamoyo tija, ndipo yanuyo tizilombo take tambiri tafa, nde udzu umene ikudyawo palibe woti auphwanye. Mukaisiya idzabwerera yokha koma mochedwa. Tengani kwa ng'ombe imene woyeza nyama waiona kuti inali yabwino, finyani pa nsalu kapena thumba mutenge madzi ake, malita 5 mpaka 10 ngati angapezeke, dzadzani chigubu mpaka kukamwa kuti musakhale mphepo yambiri chifukwa tizilomboti mphepo imatipha, kuzizira nakonso, nde kulungani chigubucho mufike nacho chikadali chofunda. Chivindikiro musamange zolimba, mpweya umapitiriza kutuluka. Dokotala athire pa paipi. Za matenda Nabanda, chiopsezo chilipo pang'ono, nchifukwa chake ena amakonda kutenga kwa ng'ombe yamoyo ya pakhomo pomwepo kapena kulanda chobzikula m'kamwa mwa ng'ombe yathanzi, kungoti chimenecho ndi chochepa, chimakwanira mbuzi kapena thole.

Mphwanga wa ku Dedza: Funso langa ndi la madeya. Ine ndimapatsa makilo 6 patsiku chaka chonse sizinatupepo. Madeya angayambitse zimenezi kapena ndi mgaiwa wokha?

Che Jafali: Madeya ndi makoko chabe alibe vuto, olo thumba lonse

Nurse wa mbuzi (Mchinji): Zimatengera chigayo Che Jafali. Madeya ena mukawagwira m'manja mumatsala ufa woyera ndi misere yambiri, amenewo ndi theka chimanga. Ine mbuzi yanga inafa ndi madeya enieni itaboola thumba

aChisale a Ziweto: Ndili mbali ya a ku Mchinji. Madeya ali ndi sitachi wochepa kuyerekeza ndi mgaiwa koma alipo, ndipo amasiyana thumba ndi thumba. A ku Dedza, anuwo sakutupitsa chifukwa ng'ombe zinazolowera, koma pali mtundu wina wa vutoli wosaonekera, pH imatsika maola angapo tsiku lililonse nkubwerera. Muziona izi, ng'ombe lero yadya bwino mawa yasiya, ndowe lero zolimba mawa zamadzi zathovu, mkaka wopanda mafuta, kuonda pamene ikudya, ndi kutsimphina kosadziwika chiyambi. Masana zikagona werengani, pa ng'ombe 10 zogona zosachepera 5 kapena 6 zizikhala zikubzikula. Makilo 6 anuwo mumapatsa kangati?

Mphwanga wa ku Dedza: Kawiri, pokama mmawa ndi madzulo, atatu atatu. Mmawa zimayamba madeyawo udzu umabwera cha m'ma 9 mnyamata akadula

aChisale a Ziweto: Pamenepo sinthani. Sungani udzu wa dzulo kapena mapesi zidye kaye musanakame, madeya agwere pa udzu osati m'chifu chopanda kanthu. Ngati mungathe gawani katatu, awiri awiri. Ndipo nsenjere musamaidule tinthu tating'ono kwambiri, izikhala yotalika ngati chala kuti izikanda.

Mayi a Tadala (Bvumbwe): Zam'chifu zija tinapatsa dzana, lero mmawa ndaiona ikubzikula koyamba, ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuionerera. Ndowe zayamba kugwirana. Koma ikuyenda monyang'ama ngati ikuponda minga, miyendo yakutsogolo makamaka, ndipo ziboda zikutentha. Komanso mgaiwa watsala thumba ndi theka, nditaye?

aChisale a Ziweto: Zibodazo ndi zotsatira za asidi yemweyo, poyizoni wochokera ku mabakiteriya akufa aja amasokoneza kayendedwe ka magazi mkati mwa chiboda. Auzeni dokotala lero lomwe, pali jakisoni wochepetsa kutupa ndi ululu. Iikireni pogona pofewa pouma, utuchi kapena udzu wambiri, isamaime pa simenti kapena m'matope. Pakapita miyezi iwiri mudzaona mzere wopingasa pa chiboda, mwina padzafunika kusenga. Chinanso chimene sitingachione panopa ndi chiwindi, khungu la m'chifu likapsa ndi asidi mabakiteriya amadutsa pa zilondazo nkukapanga zithupsa ku chiwindi, ng'ombe ina imakhala nazo osaonetsa kanthu, ina imangoonda osadziwika chifukwa. Ndiye muziiyang'anira miyezi ikubwerayi.

Mgaiwa musataye ngati ulibe nkhungu. Ununkhizeni, muone ngati wagwirana mibulu kapena wasintha mtundu, chimanga chofumbwa chimakonda kuchita chuku ndipo poyizoni wa chuku amadutsa mpaka mumkaka, woterowo ndiye tayani ndithu. Ngati uli bwino dikirani kaye sabata yathunthu ikudya udzu wokha ndi kubzikula bwino. Kenako yambani madeya theka la kilo patsiku, muzionjezera theka la kilo pakapita masiku awiri kapena atatu mukuyang'ana ndowe, zikafewa bwererani pa muyeso wa m'mbuyo. Ikafika pa makilo awiri ake aja ndi pamene muyambe kusakanizamo mgaiwa, kotala la kilo poyamba. Pa kudya kumodzi zonse pamodzi zisapitirire makilo awiri. Ndipo pezani chitini chimodzi muchiyeze pa sikelo, mnyamata azidziwa kuti ndi zitini zingati, ndowa ichoke kukhola.

Che Jafali: Nanga kuthira soda pang'ono m'madeya tsiku lililonse? Pamenepa musandikanenso achimwene

aChisale a Ziweto: Pamenepo sindikukanani, alimi a mkaka ambiri amatero, magalamu 100 mpaka 150 patsiku pa ng'ombe yodya zaufa zambiri. Koma amene akupatsa makilo awiri atatu ndi udzu wokwanira akungotaya ndalama, malovu akukwanira.

Nurse wa mbuzi (Mchinji): Ine ndimaona kuti amathandizabe nyengo yotentha ng'ombe zikamadya udzu wochepa

Mayi a Tadala (Bvumbwe): Nanga mkaka ubwerera pa 11 paja? Lero yatulutsa malita anayi

aChisale a Ziweto: Ukwera ndithu ikayamba kudya bwino, koma zoti ufika pa 11 mkaka uno sindingakulonjezeni mayi, yadwala nthawi imene imayenera kukwera. Ena amabwerera ena amadikira ibereke kachiwiri. Musaithamangitse ndi ufa kuti mubweze msanga. Pitirizani kukama kawiri patsiku ngakhale utuluke wochepa kuti bere lisaume, ndipo mutiuze za zibodazo dokotala akaziona.

Braz wa ku Joni: Mayi thole likuyamwa chani masiku amenewa poti mkaka uli ndi mankhwala?

Mayi a Tadala (Bvumbwe): Tikugula malita atatu kwa aneba tsiku lililonse, masiku a pa pepala atha Loweruka